Kufunsira ntchito ya boma kuno ku Joni muli ndi mapepala a ku Malawi: kuyambira pa Z83 mpaka tsiku la intavyu

Foni yokuitanani ku intavyu ya boma ikalira, nthawi zambiri imakupatsani masiku ochepa okha. Mwana wa konkuno amene analemba mayeso ake onse ku South Africa masiku amenewo amamukwanira: apita kupolisi kukadinditsa mapepala, asita malaya, basi. Koma munthu amene satifiketi yake inachokera ku MANEB, kapena dipuloma yake ili ndi chidindo cha koleji ya kumudzi, ali ndi ntchito ina imene singatheke m'masiku atatu. Choncho ndondomeko imene ndikupatsani pano ndi yoyambira kumapeto: konzani kaye zimene adzafune pa tsiku la intavyu, kenako muzifunsira.

Choyamba: kodi lamulo likukulolani?

Lamulo loyendetsa ntchito za boma kuno, Public Service Act la 1994, limati wolembedwa ntchito yokhazikika akhale nzika ya South Africa kapena munthu amene anapatsidwa chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale. Ngati muli ndi chiphaso cha kuno, yang'anani nambala yanu ya manambala 13. Nambala ya chi 11 ikakhala 0 ndinu nzika, ikakhala 1 ndinu wokhala mpaka kalekale. Amene akuyendera pasipoti ndi masiku a pa bodala, kapena pemiti yomangiriridwa kwa bwana mmodzi, njira imeneyi sinatseguke kwa iwo, ndipo ndikunena mosabisa kuti musataye ndalama za intaneti ndi za fotokope. Alipo akatswiri ena, monga madokotala, amene amalembedwa pa kontirakiti ya nthawi yoikika, koma imeneyo ndi nkhani ina yokhala ndi zofunika zakezake.

Ngakhale kwa amene muli ndi 1 uja, werengani chilengezo mpaka pansi. Ntchito zina, makamaka zokhudza chitetezo cha dziko, zimalembedwa poyera kuti n'za nzika zokha. Komanso madipatimenti amatsata lamulo lokonza tsankho lakale pa ntchito, ndipo magulu amene lamulolo limawaika patsogolo ndi a nzika. Zimenezi sizikukuletsani kufunsira, koma zikutanthauza kuti mapepala anu asakhale ndi pogwira ngakhale pamodzi.

Dziwaninso kuti khonsolo ya mzinda wa Johannesburg ili ndi fomu yakeyake ndi malamulo ake. Zimene ndikufotokoza pano n'za madipatimenti a boma lalikulu ndi a chigawo cha Gauteng.

Chachiwiri: SAQA, musanaone n'komwe chilengezo

Apa ndi pamene ambiri a ife timagwera, choncho ndikhalapo pang'ono.

Zilengezo za boma sizinena za MSCE kapena dipuloma ya kwathu. Zimanena za Grade 12, kapena za mlingo wa NQF, womwe ndi muyeso wa maphunziro wa kuno: 4 ndi wa womaliza sekondale, 6 ndi wa dipuloma, 7 ndi wa digiri yoyamba. Amene amanena kuti pepala lanu la ku Malawi likugwera pa mlingo uti ndi bungwe la SAQA, lomwe lili ku Pretoria. Simunganene nokha, ndipo kalaliki wosefa mafomu sangakuganizireni. Mumafunsira pa intaneti, mumalipira, mumatumiza zithunzi zooneka bwino za satifiketi ndi za pepala la magiredi a chaka chilichonse, kenako iwo amatsimikiza kuti pepalalo n'lenileni ndi kukupatsani satifiketi yawo yonena mlingo wake.

Chimachedwetsa n'chiyani? Kawirikawiri ndi kutsimikiza kuja, chifukwa yankho liyenera kuchokera kumene munaphunzira. Ngati kalata ya SAQA yangokhala mu imelo ya ofesi ina kumudzi osayankhidwa, fayilo yanu imaima. Khalani ndi m'bale amene angathe kupita ndi miyendo yake ku ofesi yosunga mbiri ya ophunzira kukakumbutsa mwaulemu. Amene munaphunzira pansi pa University of Malawi yakale, kumbukirani kuti inagawidwa mu 2021: Polytechnic inakhala MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Funsiranitu kuti magiredi a chaka chanu akusungidwa ku ofesi iti, kuti kalata isamayende uku ndi uku. Amene satifiketi ya MSCE inakhalira kusukulu ndipo munangotenga kapepala kodziwitsa zotsatira, itanitsani satifiketi yeniyeni tsopano.

Satifiketi ya SAQA ikafika, werengani mlingo umene alembapo, osati umene munkayembekezera. Pepala limene kwathu timalitcha dipuloma likhoza kuikidwa pa mlingo wotsikirapo kusiyana ndi dipuloma ya kuno, kutengera zaka ndi kuzama kwa maphunzirowo. Ngati alemba 5 ndipo chilengezo chikufuna 6, ntchito imeneyo si yanu ngakhale mutaidziwa kuposa wina aliyense. Funsirani zimene zikugwirizana ndi nambala yolembedwayo.

Anamwino, aphunzitsi ndi ena azachipatala ali ndi khomo lina pamwamba pa SAQA: kulembetsa ku bungwe la ntchito yawo, SANC kwa anamwino, SACE kwa aphunzitsi, HPCSA kwa madokotala ndi anzawo. Popanda kulembetsako fomu yawo siiwerengedwa.

Chachitatu: maina agwirizane

Tiyerekeze mayi wina wokhala ku Rosettenville, amene akugwira ntchito yolandira odwala pa kachipatala ka dokotala woima payekha. Ali ndi chiphaso cha kuno chokhala ndi 1 uja, ndipo pachiphasopo pali dzina la bambo akunyumba. Satifiketi ya MSCE ili ndi dzina la kwa makolo ake. Dipuloma nayo ili ndi dzina la kwa makolo lomwelo, koma mlembi wa kukoleji anaika "r" pamene MANEB inaika "l", monga timachitira kwathu osaona vuto. Kwa ife ndi munthu mmodzi. Kwa ofesala wa kuno amene sanamvepo dzinalo, pa tebulo pake pali anthu atatu.

Mayiyu afunika zinthu ziwiri mu fayilo yake: satifiketi ya ukwati yofotokoza kusintha kwa dzina, ndi afidaviti yolumbira kupolisi yonena kuti maina onse atatuwo ndi ake, atalembedwa ndendende monga akuonekera pa pepala lililonse. Ngati koleji ingathe kulemba kalata yovomereza kuti inalakwitsa chilembo, ndiye bwino koposa. Zimenezi zichitike asanatumize ku SAQA, chifukwa nakonso kusiyana kwa maina kumaimitsa fayilo. Tsiku lobadwa liyang'anitsitseninso. Ena a ife tili ndi tsiku lina pa mapepala a sukulu, lina pa pasipoti.

Chachinayi: chilengezo ndi fomu ya Z83

Ntchito zimalengezedwa mu kalata yozungulira ya dipatimenti ya DPSA yoyang'anira antchito a boma, imene imatuluka sabata ndi sabata kupatula mu Disembala, pa www.dpsa.gov.za. Zambiri za chigawo cha Gauteng zimapezeka pa jobs.gauteng.gov.za. Pamwamba pa ntchito za dipatimenti iliyonse pamakhala ndime yaitali ya zilembo zing'onozing'ono yofotokoza kafunsiridwe: kumene mutumize, tsiku ndi ola lotseka, zoti muphatikize. Anthu amaidumpha kuthamangira pa malipiro. Iwerengeni kawiri, chifukwa dipatimenti ina imafuna imelo, ina imafuna kudzaza pa intaneti, ina bokosi la pakhomo, ndipo fomu yolowera khomo lolakwika imangotayika.

Fomu yake ndi Z83 yatsopano, imene inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2021. Yakale ikadali kuzungulira m'mashopu a intaneti ndi pa WhatsApp, ndipo siilandiridwa. Yatsopano muidziwa chifukwa imafunsa ngati mukuchita bizinesi ndi boma komanso ngati muli ndi mlandu umene ukadali kukhoti. Itengeni pa tsamba la DPSA lenilenilo.

Kuyambira 2022 madipatimenti ambiri amafuna Z83 ndi CV zokha pofunsira. Makope odindidwa amafunidwa kwa okhawo amene asankhidwa, pa tsiku la intavyu kapena lisanafike. Izi zinachepetsa mizere ya kupolisi, koma zinabweretsa msampha: munthu amafunsira ntchito khumi osagwirako fayilo yake, n'kudzazindikira foni italira kuti SAQA sanaiyambe. Ndipo zilengezo zina zimafuna satifiketi ya SAQA pofunsira pomwepo.

Podzaza, mayi wathu uja alembe dzina la ntchito ndi nambala ya `Ref No` monga zilili pa chilengezo, chilembo ndi chilembo. Ntchito iliyonse fomu yakeyake. Pa funso la unzika ayankhe zoona, kuti si nzika, alembe dziko lake, ndipo mu CV aike mzere woonekera pamwamba wonena kuti ndi wokhala mpaka kalekale, ndi nambala ya chiphaso. Mafunso a inde kapena ayi ayankhe onse, ngakhale amene akuoneka kuti samukhudza. Aike zilembo zoyamba za maina ake pa tsamba lililonse, asayine pamapeto ndi kulemba tsiku. Fomu yosasayina imachotsedwa munthu asanayang'ane n'komwe maphunziro ake.

Pa za milandu musabise. Adzafufuza ndi zidindo za zala, ndipo bodza pa Z83 likhoza kukuchotsetsani ntchito ngakhale mutayamba kale.

Chachisanu: mmene amasefera

Tsiku lotseka likadutsa, a ofesi yoona za antchito amayamba alemba mafomu onse mu mndandanda. Kenako pamakhala komiti ya anthu osachepera atatu, a udindo wofanana ndi ntchitoyo kapena woposa, ndipo komitiyi ndi imene imasankha oitanidwa. Sefa woyamba alibe chisoni: yochedwa, yosasayina, fomu yakale, yosakwana maphunziro, zonse pambali. Otsala amakhalabe ambiri kuposa amene angafunsidwe, makamaka pa ntchito za ukalaliki, ndiye komiti imakweza muyeso pogwiritsa zimene zili m'chilengezo momwemo. Mawu aja akuti chinthu chakuti "chidzakhala chowonjezera mwayi" ndi amene amagwira ntchito pano.

Komiti imaona zolembedwa basi. Tinene kuti ntchito ndi ya kalaliki wa mlingo 5 wa malipiro, ndipo chilengezo chatchula kulandira ndi kulemba makalata m'kaundula, kusunga mafayilo, kulowetsa zinthu mu kompyuta, kuyankha foni ndi kusunga kaundula wa tchuthi. Mayi wathu akangolemba mu CV kuti "wolandira alendo, 2019 mpaka pano", wadzibera yekha. Zonse zatchulidwazo amazichita tsiku ndi tsiku pa kachipatala paja. Azilembe chimodzichimodzi ndi mawu oyandikana ndi a chilengezo: kuti amatsegula ndi kusunga mafayilo a odwala, amalowetsa mabilu mu kompyuta, amagwiritsa Word, Excel ndi Outlook. Alembe mwezi ndi chaka choyambira ndi chomalizira pa ntchito iliyonse, chifukwa komiti imawerenga miyezi, ndipo "2019 mpaka 2021" ikhoza kukhala chaka chimodzi ndi pang'ono kapena pafupifupi zitatu. Pa dipuloma alembe pambali pake mlingo umene SAQA inapereka.

Anthu okuchitirani umboni akhale opezeka pa foni, makamaka a konkuno amene munagwirapo nawo ntchito. Ngati mmodzi ali kumudzi, lembani nambala yake ndi +265 komanso imelo imene amaitsegula. Abusa ndi amalume ndi anthu aulemu, koma komiti ikufuna amene anaona kagwiridwe kanu ka ntchito.

Zilengezo zambiri zimati mukapanda kumva kanthu miyezi itatu itadutsa kuchokera tsiku lotseka, dziwani kuti simunasankhidwe. Sungani kope la chilengezo chilichonse chimene mwafunsira, mu foni kapena pa pepala. Podzakuitanani chikhoza kukhala chitachotsedwa pa intaneti, chonsecho mafunso a mayeso amachokera momwemo.

Chachisanu ndi chimodzi: foni ikalira

Nambala imene munalemba pa Z83 ikhale yamoyo miyezi yonseyi. Tili ndi chizolowezi chosinthasintha masimu kutsata mitengo ya intaneti, kapena kusiya foni kwa m'bale tikapita kumudzi ku maliro. Ofesala amene ali ndi mndandanda wa anthu oti awaimbire sangakusakeni sabata yonse. Muziyankha manambala achilendo oyamba ndi 011 kapena 012, ndipo muzitsegula imelo tsiku lililonse, kuphatikizapo bokosi la `Spam`.

Akakuimbirani, pezani cholembera musanayankhe zambiri. Mbewa yamanyazi inafera kuuna: funsani. Ndi ntchito iti, nambala yake ndi iti, popeza mwina munafunsira zingapo. Tsiku, ola, dzina la nyumba, msewu, chipinda. Kodi mayeso olemba ndi intavyu zili tsiku limodzi kapena masiku osiyana? Kodi mayeso ndi a pa kompyuta kapena a pa pepala? Makope odindidwa muwatumize pa imelo tsiku lisanafike kapena mubwere nawo? Pemphani kuti akutumizireni kalata yoitanira pa imelo, ndipo ikafika yankhani tsiku lomwelo kuti mudzabwera.

Kusuntha tsiku n'kovuta. Komiti ndi anthu a maudindo awo amene apatula tsiku limodzi kapena awiri kuti aone onse osankhidwa. Ngati muli m'chipatala kapena muli kumudzi, nenani nthawi yomweyo, molemba, ndi umboni, ndipo funsani ngati angalole Microsoft Teams. Akhoza kuvomera, akhoza kukana. Kungokhala chete n'kusabwera ndiye kumatseka nkhani. Akavomera za pa intaneti, yesani ulalo wake dzulo lake, tchajani foni ndi laputopu, ndipo pezani chipinda chachete. M'nyumba zathu zogawana ndi makatani zimenezi zimafuna kupempha anzanu pasadakhale.

Mawu amodzi okhudza akuba. Boma silipiritsa munthu kuti aitanidwe ku intavyu, kapena kuti "fayilo ikwere pamwamba". Wina akakuimbirani n'kutchula ndalama yotumiza pa foni, ngakhale atadziwa dzina lanu ndi ntchito imene munafunsira, dulani n'kuimbira nambala ya mafunso yolembedwa pa chilengezo. Amakonda ife obwera chifukwa amadziwa kuti timaopa kufunsa ku maofesi.

Chachisanu ndi chiwiri: fayilo ya tsikulo

Mayi wathu waimbiridwa Lachiwiri, intavyu ndi Lachisanu. Lachitatu m'mawa apite kupolisi ndi mapepala enieni pamodzi ndi makope ake. Kudinda kupolisi n'kwaulere. Wapolisi amayerekeza kope ndi pepala lenileni, ndiye kope la kope sadinda. Asanachoke pa kauntala ayang'ane kuti tsamba lililonse lili ndi chidindo, tsiku ndi siginecha, ndiponso kuti chidindo sichinaphimbe dzina kapena magiredi. Madipatimenti ambiri safuna chidindo chopitirira miyezi isanu ndi umodzi, choncho makope a chaka chatha asawadalire.

Mu fayilo muikidwe chiphaso cha kuno, satifiketi ya chilolezo chokhala mpaka kalekale, pasipoti, MSCE, dipuloma ndi pepala la magiredi, satifiketi ya SAQA, satifiketi ya ukwati ndi afidaviti ya maina ija. Chilichonse chenicheni pamodzi ndi kope lodindidwa, ndipo makope akhale magulu awiri, lina lopereka lina lotsala. Laisensi yoyendetsera galimoto ngati chilengezo chinaitchula, mbali zonse ziwiri. Makalata a mabwana akale otsimikiza nthawi imene anagwira. Kenako kalata yoitanira, kope la Z83 ndi CV zimene anatumiza, chilengezo, ndi mabolopeni awiri akuda. Mapepala enieni amangoonetsa, sasiya.

Ulendo auyeze Lachinayi. Maofesi ambiri a chigawo ali pakati pa tauni, cha ku Marshalltown, ndipo dipatimenti imodzi imatha kukhala m'nyumba zingapo. Malikulu a madipatimenti a boma lalikulu ali ku Pretoria, ndiye ngati ndi kumeneko aganize za Gautrain ya pa Park Station kapena takisi ya m'mamawa kwambiri. Ndalama ya ulendo ayembekezere kuti ndi yake. Pakhomo pali alonda, kaundula wosayina ndi kudikira munthu wodzakutengani, ndipo zimenezi zokha zimadya mphindi makumi awiri. Afike ola lathunthu nthawi isanakwane, fayilo ili m'chikwama chotseka osati m'manja, makamaka ngati akudutsa pa renki ya Bree kapena ya Noord. Satifiketi ya MANEB ikabedwa simungaipezenso sabata imeneyo.

Chachisanu ndi chitatu: mayeso olemba

Kuyambira 2024 zilengezo za boma zimanena kuti osankhidwa onse adzayesedwa kawiri: mayeso a ntchito yeniyeni, ndi mayeso a khalidwe ndi kukhulupirika. Oyambawo si mayeso a sukulu oloweza. Amakupatsani kachidutswa ka ntchito imene mukufunsira, ndi nthawi yochepa.

Kwa kalaliki, yembekezani zinthu ngati izi. Kulemba kalata yaifupi kapena memo mu Word. Kukonza tebulo mu Excel. Kuika mafayilo mu dongosolo. Tinene kuti mayi wathu apatsidwa maina a antchito khumi ndi masiku a tchuthi amene aliyense watenga m'miyezi itatu, n'kuuzidwa kuti apeze otsala. Wantchito wa boma amene sanakwanitse zaka khumi amalandira masiku 22 a tchuthi pa chaka, ndipo amene wakwanitsa amalandira 30. Ngati masiku otengedwa ali m'mabokosi C, D ndi E, mzere woyamba ukhala motere:

```
=22-SUM(C2:E2)
```

Akokere pansi mpaka mzere womaliza, koma ayang'ane kaye ngati pa mndandandapo palibe munthu wa zaka khumi kapena kuposa pa ntchito, chifukwa iyeyo ayambira pa 30. Woyesa amaona ngati munagwiritsa fomula kapena munawerengera pa foni n'kulemba yankho. Amaonanso ngati munasunga ntchito yanu ndi dzina limene ananena, pamalo pamene ananena. Munthu amatha kulemba zonse bwino n'kutuluka osasunga. Dinani `Ctrl+S` mukangoyamba, ndiponso mukamaliza funso lililonse.

Mphindi zisanu zoyamba werengani mafunso onse ndi malikisi ake, muyambe ndi lolemera. Memo ikhale ndi wolandira, wolemba, tsiku, mutu, kenako nkhani m'ndime ziwiri kapena zitatu. Ife a ku Malawi tinaphunzitsidwa Chingerezi chaulemu wautali, chopepesa ndi kuthokoza tisanafike pa mfundo. Pa mayeso awa nenani chimene chachitika, chimene chikufunika, ndi tsiku lake. Ngati simunagwire kompyuta ya pa tebulo kwa nthawi yaitali, lipirani ola limodzi kapena awiri pa shopu ya intaneti Lachinayi lomwelo, mulembe memo imodzi ndi tebulo limodzi mukudziyeza nthawi. Zala zozolowera foni zimachedwa pa kiyibodi kuposa mmene mungaganizire.

Mayeso a khalidwe amabwera ngati nkhani zongoyerekeza. Wogulitsa katundu ku dipatimenti wakubweretserani mphatso. Mnzanu akusayina kaundula m'malo mwa wina amene sanabwere. M'bale wanu akufuna mumuonere fayilo ya munthu. Yankho labwino limatchula zinthu zitatu: kuti mukana, kuti mukanena kwa ndani, ndi kuti mulemba pati. Pa nkhani ya fayilo tchulani lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu. Dziwaninso kuti wantchito wa boma saloledwa kuchita bizinesi ndi boma, ndiye ngati muli ndi kakampani kolembetsedwa kogulitsa ku boma, konzekani kunena kuti mukasiya.

Ofunsira maudindo akuluakulu, kuyambira mlingo 13 wa malipiro, ali ndi zina zowonjezera, monga satifiketi ya Nyukela ya ku National School of Government ndi mayeso a utsogoleri.

Chachisanu ndi chinayi: m'chipinda cha intavyu

Mupeza wapampando, mamembala a komiti, mlembi wochokera ku ofesi yoona za antchito, ndipo nthawi zina nthumwi ya bungwe la antchito yongoonerera. Onse osankhidwa amafunsidwa mafunso ofanana, ndipo membala aliyense amalemba malikisi ake. N'chifukwa chake amakhala ataweramira pa mapepala inu mukulankhula. Si kunyoza, akulemba. Lankhulani mokweza ndi mosathamanga kuti zolembazo ziwakwanire. Ulemu wathu woyang'ana pansi ndi kutsitsa mawu kuno umawerengedwa ngati kukayika. Yang'anani amene wafunsa, ndipo ngati simunamve katchulidwe kake pemphani abwereze.

Batho Pele musapite osaidziwa. Ndi mfundo zisanu ndi zitatu za 1997 za katumikiridwe ka anthu: kufunsa maganizo awo, kuika miyeso ya ntchito, kufikirika, ulemu, kupereka uthenga, kuchita zinthu poyera, kukonza zikalakwika, ndi kusamala ndalama. Kuzitchula pamtima kumapatsa malikisi ochepa. Mayi wathu akafunsidwa za kukonza zikalakwika, afotokoze za wodwala amene fayilo yake inasowa: anamupepesa, anamuuza nthawi imene adzamuimbire, anaipeza itaikidwa pa dzina lolakwika, anamuimbira, kenako anasintha kalembedwe ka pa mafayilo. Nkhani imodzi yotero, yokhala ndi chiyambi, chochita ndi zotsatira, pa ntchito iliyonse yotchulidwa m'chilengezo. Akafunsidwa za makina a boma monga PERSAL, osungira mbiri ndi malipiro a antchito, amene sanawagwirepo, anene kuti sanawagwirepo, atchule ofanana nawo amene amawadziwa.

Pamapeto mwina asayina fomu yolola kufufuzidwa: milandu, ngongole, unzika kapena chilolezo chokhala, maphunziro, ndi mabwana akale. Kwa ife gawo limeneli limatha kutenga nthawi yotalikirapo chifukwa mayankho ena amachokera kunja kwa dziko, ndiye achenjeze anthu ake ochitira umboni tsiku lomwelo kuti foni ikhoza kubwera. Komiti imangopereka dzina, wovomereza ndi mkulu wa dipatimenti kapena amene iye wamupatsa mphamvu. Ntchito ya pa kachipatala ija asaisiye chifukwa cha foni yomuyamikira kapena mawu a munthu wa m'kati. Adikire kalata yosayinidwa yotchula udindo, mlingo wa malipiro ndi tsiku loyamba, aiyankhe molemba m'masiku amene apatsidwa, kenako apereke notisi kwa dokotala mogwirizana ndi tsiku limene analemba pa Z83 kuti angayambe.